Foni imamva Chichewa polemba, koma poituma imafuna Chingerezi

Ndimakonza mafoni ku Limbe, ndipo tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Ndirande amene amakazinga mandasi ndi kuwapikulitsa m'magolosale. Foni yawo sinali yowonongeka kwenikweni, koma sikirini inali itachita mafuta, ndipo m'timabowo ta pansi munali mutalowa ufa. Ndikuipukuta anandiuza kuti, "Achimwene, oda amabwera ine manja ali mu ufa. Ndikati ndisambe kaye, mafuta apsa. Ndikati ndiyankhe pambuyo pake, wa golosale watenga kwa wina. Mwana wanga akuti foni ungathe kumangoiyankhula. Ndayesa, koma ikulemba zopanda mutu."

Mwana wawoyo sananame, ndipo mayiwo sanalakwitse chilichonse chachikulu. Chimene palibe anawauza ndi chakuti foni ya Android ili ngati munthu wa makutu awiri osiyana ntchito. Khutu lina ndi lolemba: limamva zimene mwanena n'kuzisandutsa zilembo, basi. Khutu lina ndi lotumidwa: limamva lamulo n'kuchita, monga kutchera alamu kapena kuimbira munthu. Khutu lolembali tsopano limamva Chichewa. Lotumidwali silimva Chichewa, limafuna Chingerezi. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine akudandaula kuti foni siwamva amakhala akuyankhula Chichewa m'khutu lolakwika.

Tiyambe ndi lolemba, chifukwa ndi limene lasintha posachedwa. Mu Okutobala 2024, Google inalengeza kuti yawonjezera zilankhulo 15 za mu Africa pa zimene foni ingamve munthu akamayankhula, ndipo Chichewa chinali m'gululo pamodzi ndi Chishona, Chihausa, Chiyoruba ndi zina. Njira yake ndi kiyibodi ya Google yotchedwa Gboard. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa koyamba, chifukwa si foni iliyonse imabwera ndi kiyibodi imeneyi. Samsung ili ndi yakeyake, ndipo mafoni ena a Tecno, Infinix ndi itel amabweranso ndi ina. Ngati yanu ilibe, itengeni pa Play Store, muitsegule, ndipo idzakutsogolerani yokha kuti muisankhe kukhala kiyibodi yogwiritsa ntchito nthawi zonse.

Mukatero, lowani mu Settings ya Gboard, musankhe Languages, kenako Add keyboard. Pofufuza lembani Chichewa, ndipo chikapanda kupezeka lembani Nyanja, chifukwa m'makompyuta chilankhulo chathu chimadziwika ndi mayina onse awiri. Musachotse Chingerezi, muchisiye pomwepo, mudzachifuna. Mukabwerera polemba uthenga, batani lalitali la pansi lija, losiyira mpata pakati pa mawu, limasonyeza chilankhulo chimene kiyibodi ili nacho panthawiyo, ndipo mukalisindikiza kwa kanthawi limakupatsani mwayi wosintha. Kalembedwe kakang'ono ka pa batani limeneli ndi kofunika kuposa mmene kamaonekera, chifukwa khutu lolemba limatsata chilankhulo cha kiyibodi. Kiyibodi ikakhala pa Chingerezi, foni imatenga mawu anu a Chichewa n'kuwafananiza ndi mawu a Chingerezi amene akumveka moyandikira. Ndi zimene zinkawachitikira mayi aja. Iwo ankanena za mandasi, foni n'kumalemba za Lolemba m'Chingerezi.

Chopunthwitsa chachiwiri ndi chakuti pa WhatsApp pali zizindikiro ziwiri za maikolofoni, ndipo zili moyandikana. Chachikulu chobiriwira, cha kumanja kwa malo olembera, chimajambula mawu anu n'kuwatumiza kuti mnzanuyo amvetsere. Chimene tikufuna ife ndi chaching'ono, chili pamwamba pa zilembo za kiyibodi chakumanja. Mukachigwira kamodzi pamatuluka mawu akuti Speak now, ndipo mukayamba kuyankhula zilembo zimayamba kutuluka. Ulendo woyamba foni imapempha chilolezo chogwiritsa ntchito maikolofoni. Ambiri amakana mosadziwa chifukwa chozolowera kukana chilichonse chimene chatulukira pa sikirini, ndiye kenako n'kumadabwa kuti sizikugwira. Ngati munakana, pitani mu Settings ya foni, pa Apps, mupeze Gboard, mulowe pa Permissions ndi kulola Microphone.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangotumiza mawu ojambula, poti ndi zimene tonse tinazolowera. Kwa m'bale wanu zilibe vuto. Koma wa golosale amene ali ndi makasitomala asanu pa kauntala sangaike foni kukhutu, ndipo pa Lachisanu pamene mukuwerengerana ndalama simungafufuze nambala m'mawu ojambula. Uthenga wolembedwa umakhala ngati risiti. Mukakangana kuti munagwirizana 120 kapena 150, mumangobwerera m'mbuyo n'kuona.

Tsopano nkhani ya bandulo, imene ndimafuna aliyense wa mu Blantyre aimvetse, chifukwa yanamizira mafoni ambiri abwinobwino kuti ndi owonongeka. Mukamayankhula Chichewa, si foniyo imene imamasulira mawuwo kukhala zilembo. Mawu anu amatumizidwa pa intaneti kupita ku makompyuta a Google, ndipo zilembo zimabwerera kuchokera kumeneko. Ambiri a ife timagula mabandulo otsika mtengo a WhatsApp yokha kapena a masamba a mchezo okha. Bandulo yotere imatsegula njira yopita ku WhatsApp, osati yopita ku Google. Ndiye zimachitika kuti mauthenga akulowa bwinobwino, mawu ojambula akupita, koma mukagwira kamaikolofoni ka pa kiyibodi kamangodikira kenako n'kusiya osalemba kanthu. Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli, tsegulani Chrome mufufuze chilichonse. Tsamba likakana kutseguka pamene WhatsApp ikugwira, foni ilibe mlandu. Mukufunika bandulo ya intaneti yonse, kaya ya Airtel kaya ya TNM, ngakhale yaing'ono. Chingerezi chili ndi mwayi wina: mafoni ambiri amalola kutsitsa chilankhulocho kuti chizigwira popanda intaneti. Chichewa muzichiwerengera kuti chimafuna intaneti nthawi zonse.

Titakonza zimenezi, ndinawauza mayi aja kuti ayese uthenga weniweni umene amatumiza madzulo aliwonse. Anagwira kamaikolofoni ndi mfundo ya chala chaching'ono, chimene nthawi zambiri chimakhala choyerako, n'kunena kuti: mawa ndibweretsa mandasi 120 nthawi ya 6 koloko m'mawa. Mawu a Chichewa anatuluka bwino. Pa nambala m'pamene panavuta, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ife tikamayankhula Chichewa, nambala timazitchula m'Chingerezi chopindidwa: handiredi twente, fifite sauzande. Foni imakhala ikuyembekezera Chichewa, mwadzidzidzi n'kumva china, ndiye nthawi zina imalemba nambalayo molondola, nthawi zina m'mawu, nthawi zina ina ndithu. Ndinawapempha kuti akhale ndi lamulo limodzi losaphwanyika: asanatumize, maso apite pa nambala, pa tsiku ndi pa dzina. Chilembo chimodzi chikalakwika pa mawu akuti ndibweretsa, wa golosale amvabe. Koma 120 ikasanduka 20, m'mawa mudzafika ndi beseni lodzaza kwa munthu amene wakonzekera ndalama ya mandasi 20.

Kayankhulidwe nakonso kali ndi gawo lake. Anthu akaona kuti foni yalakwitsa amayamba kukuwa kapena kudula mawu pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 1. Zimenezi zimawonjezera vuto, chifukwa foni imazindikira liwu poyang'ana mawu oyandikana nalo. Chiganizo chathunthu chonenedwa mwachibadwa chimamveka bwino kuposa mawu odukaduka. Nenani chiganizo chimodzi, mupume, muone chimene chalembedwa, kenako mupitirize. Mukakhala chete nthawi yaitali maikolofoni imadzitseka yokha, ndipo muyenera kuigwiranso. Choncho ndi bwino kuganiza kaye chimene mukufuna kunena musanaigwire. Zizindikiro za m'kalembedwe, monga mpumiro ndi chofunsira, mukamayankhula Chingerezi mungathe kuzitchula, mwachitsanzo `comma` kapena `question mark`, ndipo foni imaziika. Pa Chichewa ine ndimaika ndi chala pamapeto, kapena ndimatumiza chiganizo chilichonse pachokha.

Ngati zonse zili m'malo koma foni ikulembabe zosamveka, kayikirani maikolofoni yeniyeniyo. Ili m'kabowo kakang'ono pansi pa foni, pafupi ndi potchajira, ndipo fumbi la mu Limbe, ufa ndi ulusi wa m'thumba zimakatseka. Kuyesa kwake n'kosavuta: jambulani mawu anu kwa masekondi 10 n'kumvetsera. Akamveka ngati mukuyankhulira pansi pa bulangeti, pukutani kabowoko ndi mswachi wouma. Musalowetsemo singano kapena waya, mungaboole kansalu kotchinga kapena kuwononga maikolofoniyo, ndipo ndaonapo ambiri atabwera nazo zitatero. Chikwama cha foni chosakwana bwino chimathanso kutseka kabowoko. Za phokoso, muzikumbukira kuti foni simasankha munthu womumvera. Pa siteji ya minibasi pamene oitanira akukuwa, pafupi ndi chigayo, kapena wailesi ili pamwamba, imatola zonse. Isendezeni pafupi, ngati mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, kapena valani mahedifoni a chingwe okhala ndi maikolofoni, amene amathandiza kwambiri ngakhale akhale otchipa.

Mwaona kuti njira imeneyi imafunabe kugwira foni kawiri kapena katatu: kutsegula macheza, kugwira maikolofoni, kutumiza. Si kusiyiratu manja. Kusiyiratu manja kuli ku khutu lachiwiri lija, lotumidwa.

Khutu limeneli ndi Google Assistant, ndipo m'mafoni atsopano malo ake akutengedwa ndi Gemini, koma mawu oidzutsira, akuti Hey Google, ndi omwewo. Kuti iyambe kumva popanda kuigwira, tsegulani pulogalamu ya Google, mulowe mu Settings, mupeze pamene palembedwa Hey Google & Voice Match, muyatse. Idzakupemphani kuti mubwereze mawu angapo kuti izolowere liwu lanu. Chitani zimenezi m'chipinda mopanda phokoso, ndipo achite ndi mwini foniyo. Mayi aja foni inali itaphunzitsidwa ndi mwana wawo, ndiye inkadzuka mwanayo akayankhula, iwo akaitana n'kungokhala duu. Tinafufuta liwu la mwanayo n'kuyambiranso. Dziwaninso kuti mafoni ambiri otsika mtengo a Android Go samvera mawu odzutsirawa sikirini ikakhala yozima kapena simunawagwire, ndiye pa amenewo muyenera kugwira kaye maikolofoni ya Google. Amene muli ndi iPhone, mnzake wa zimenezi ndi Siri, ndipo kumeneko Chichewa kulibe.

Chingerezi chimene chikufunika si cha ku yunivesite. Ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zoloweza ngati nyimbo. Mayi aja anasiyira sukulu ku pulayimale, koma ndinawalembera papepala izi ndipo anakamata pakhoma la kukhitchini:

```
Hey Google, set an alarm for 3:30 AM
Hey Google, set a timer for one hour
Hey Google, remind me to collect money on Friday at 4 PM
```

Zitatuzi zikuoneka zofanana, koma ndi zinthu zosiyana, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumagwetsa anthu. Loyamba ndi alamu. Imalowa mu wotchi ya foni, imalira mokweza kwa nthawi yaitali, ili ndi voliyumu yakeyake, ndipo ikatcheredwa sifunanso intaneti. Lachiwiri ndi lowerengera nthawi kuchokera pano, loyenera podikira kuti ufa wokanda ufufume kapena kuti nyemba zipse, ndipo nalonso limalira mokweza. Lachitatu ndi chikumbutso. Chimenechi sichilira ngati alamu. Chimabwera ngati uthenga wamba, kulira kamodzi n'kukhala pamwamba pa sikirini, ndipo kuyambira 2023 zikumbutso zotere zimasungidwa mu Google Tasks, komwe mungathe kukaziona zonse ndi kuzikonza. Foni ikakhala m'chikwama, kapena mwaitseka mawu chifukwa munali kutchalitchi kapena kumaliro, chikumbutso chimadutsa osachimva.

Maganizo anga pa zimenezi ndi olimba: chilichonse chimene mukachiphonya mutaya ndalama kapena thanzi, chitchereni alamu. Kumwa mankhwala, kudzuka kukakazinga, kukatenga mwana kusukulu, zonsezi ndi za alamu. Chikumbutso chisiyireni zinthu zimene zingadikire ola limodzi kapena awiri, monga kugula mayunitsi a ESCOM asanathe kapena kukalipira bilu ya madzi. Ubwino wa chikumbutso ndi wakuti chimanyamula mawu ndi tsiku la kutsogolo, ngakhale mwezi wamawa, pamene alamu nthawi zambiri ndi ya lero, mawa kapena masiku obwerezabwereza a pamlungu.

Patatha mlungu umodzi mayi aja anabweranso, nkhope itagwa pang'ono. "Achimwene, chija chandikumbutsa usiku, ine ndikukanda ufa. Madzulo chinangokhala chete." Titatsegula Google Tasks tinapeza kuti chikumbutso chinalembedwa 4:00 AM. Ife m'Chichewa timati 4 koloko madzulo, ndipo liwu lakuti madzulo limamveka patali. M'Chingerezi kusiyana konse kuli pa chilembo chimodzi, AM ndi PM, ndipo mafuta akamathetheka pamoto chilembo chimenecho chimasowa. Mankhwala ake ndi kutchula nthawi m'mawu aatali ovuta kuwasokoneza:

```
Hey Google, remind me to collect money on Friday at 4 in the afternoon
```

Msampha wina wofanana nawo ndi nambala za Chingerezi zomveka mofanana, 15 ndi 50, 13 ndi 30, 16 ndi 60. M'kamwa mwathu zimayandikana kwambiri. Pamene zingatheke, zembani nambalazo: nenani `half an hour` m'malo mwa 30, ndi `one hour` m'malo mwa 60. Ndipo nthawi zonse, mukapereka lamulo, foni imaonetsa kapena kutchula chimene yatchera. Sekondi imeneyo ndi yofunika kuimvetsera, musathamangire kubwerera ku mphika.

Pali chinanso chimene chimapha zikumbutso mwakachetechete, makamaka m'mafoni a Tecno, Infinix ndi itel amene ndi ochuluka kuno. Mafoniwa ali ndi njira zosungira batire zimene zimatseka mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo, ndipo ife, chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, timakonda kuyatsa njira zimenezo mpaka pamapeto. Zotsatira zake, chikumbutso chimafika mochedwa kapena chimatulukira pokhapokha mwatsegula foni. Mukaona chizindikiro chimenechi, pitani pa Apps, musankhe Google komanso Tasks ngati ilipo, mulowe pa Battery n'kuchotsa chiletso, ndipo muonetsetse kuti Notifications ndi zoyatsa. Kuyesa kwake: tcherani chikumbutso cha mphindi 10 zikubwerazi, zimitsani sikirini, ikani foni patebulo, mudikire. Chikalira panthawi yake, mwakonza. Ndipo ngati magetsi apita madzulo foni ili pa 8 peresenti, musadalire alamu ya 3:30, chifukwa foni yotha batire siidzutsa munthu.

Nanga kutumiza uthenga osagwira foni n'komwe? Zimatheka, ndipo lamulo lake ndi ili:

```
Hey Google, send a WhatsApp message to Shop Two
```

Foni imadikira kuti munene uthengawo, imauonetsa, kenako imafuna kuti muvomereze isanatumize. Koma kumbukirani kuti muli m'khutu la Chingerezi. Uthenga umene munene pano udzamvedwa ngati Chingerezi, choncho njirayi ndi ya timauthenga tatifupi monga kunena kuti muli m'njira kapena mufika 6 koloko. Mukafuna kufotokoza nkhani m'Chichewa, bwererani ku kiyibodi.

Dzina lakuti Shop Two silinabwere mwangozi. Mmene timasungira mayina m'mafoni athu ndi mmene timaitanirana: Achimwene a ku Bangwe, Make Mwana, Abusa, Wa Golosale Pa Kona. Khutu la Chingerezi limavutika nawo, ndipo kusinthanitsa kwathu kwa L ndi R kumawonjezera. Ndiye anthu atatu kapena anayi amene mumawatumizira kawirikawiri, apatseni mayina aafupi a Chingerezi osafanana ndi ena. Mayi aja magolosale awo atatu tinawatcha Shop One, Shop Two ndi Shop Three. Ngati foni ikunena kuti sikumupeza munthu amene alipo ndithu, onani ngati pulogalamu ya Google ili ndi chilolezo cha Contacts, ndiponso ngati nambalayo yasungidwa mu akaunti ya Google osati pa simu khadi yokha. Kuti malamulowa agwire foni ili yokiya, pali poyatsa pake m'malo omwe aja, pa Lock screen. Ganizani kaye musanayatse ngati foni yanu mumaisiya pa kauntala kapena mumabwereketsa.

Chinthu chimodzi musachichite ndi mawu: nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki. Imeneyo ilembeni ndi chala, mutabisa sikirini. Chimodzimodzi nkhani za matenda kapena ngongole mukakhala mu minibasi, chifukwa woyandikana nanu akumva zonse, ndipo mawuwo akudutsanso m'makompyuta a kampani. Kwa oyendetsa galimoto ndi akabaza, lamulo la mawu lingakuthandizeni kuimba foni osachotsa dzanja pa chiwongolero, koma uthenga wolembedwa umafuna kuuwerenga musanatumize, ndipo pa Chipembere Highway maso sayenera kuchoka pamsewu. Imani pambali.

Mayi aja tsopano foni amaiika pa shelefu pamwamba pa pophikira, kutali ndi nthunzi ya mafuta, atatembenuzira kabowo ka maikolofoni kumene aima. Alamu ndi nthawi ya ufa amatchera ndi mawu okha. Oda akalowa amagwira kamaikolofoni ka kiyibodi ndi mfundo ya chala, amayankha m'Chichewa, amayang'ana nambala, n'kutumiza. Ulendo wathawu anabwera ndi papepala paja, m'mphepete mutachita mafuta, kuti ndiwawonjezere mzere wachinayi wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amamwa madzulo aliwonse. Ndinawalembera `Hey Google, set an alarm for 8 in the evening every day`, tinayesa pomwepo, ndipo tinatsegula wotchi ya foni kuti tione ngati masiku onse asanu ndi awiri achongedwa.